Tchanelo Ikakula: Buku la Ndalama, Mkonzi wa Makanema ndi Kalembera

Pali nthawi imene foni ya munthu wojambula makanema a pa YouTube imayamba kulira mosiyana ndi kale. Oimba sakhalanso abale ndi anansi oyamikira kanema wa dzulo, koma mwini sitolo amene akufunsa kuti, "Kodi mungatitchuleko mu pulogalamu yanu, ndipo mtengo wake ndi bwanji?" Ambiri funso limeneli limawapeza alibe yankho. Amatchula mtengo umene wangobwera m'mutu, ndalama imalowa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo pofika Loweruka yathera ku ndiwo, ku bandulo ndi ku chipepeso cha maliro. Owonera akuchuluka ndithu, dzina likumveka, koma mwini tchaneloyo sangathe kunena ngati mwezi wathawu anapindula kapena analuza.

Nkhani ino ndi ya munthu amene wafika pamenepa. Zinthu zimene ayenera kuchita ndi zitatu, ndipo ine ndikuona kuti ndondomeko yake ndi yofunika kwambiri: ayambe ndi buku la ndalama, kenako aganize za mkonzi wa makanema, ndipo kalembera abwere pamene makasitomala ayamba kufuna mapepala. Ambiri amayambira kumapeto, amathamangira satifiketi yoti akaike pakhoma asanadziwe kuti kanema mmodzi amawadyera ndalama zingati.

Ndalama zimachokera kuti

Tiyambe tachotsa chisokonezo chimodzi. Kampani ya YouTube imagawana ndalama za malonda ndi eni matchanelo kudzera mu ndondomeko yotchedwa YouTube Partner Program. Kuti munthu alandireko gawo la ndalama za malondawo, tchanelo yake iyenera kukhala ndi oitsatira 1,000, komanso anthu akhale atawonera makanema ake kwa maola 4,000 m'miyezi 12 yapitayo. Pa makanema aatali, mwini tchanelo amalandira 55 pa 100 iliyonse ya ndalama za malondawo, ndipo zimatumizidwa kudzera ku AdSense zikakwana madola 100.

Koma ndondomeko imeneyi siili m'dziko lililonse. South Africa, Zimbabwe, Kenya, Tanzania, Uganda ndi Nigeria ali pa mndandanda, pamene Malawi ndi Zambia akhala kunja kwa mndandandawo kwa zaka zambiri. Mlongo wathu wa ku Joni kapena wa ku Mangalande akhoza kulowa mosavuta, koma wa ku Lilongwe ayenera kuyamba waona mndandanda wa maiko pa tsamba la YouTube lenilenilo asanayambe kuwerengera madola. Ena amazemba polembetsa m'dzina la mbale amene ali kunja. Njira imeneyi ndi yoopsa, chifukwa pa mapepala ndalamazo zimakhala za mbaleyo, msonkho wake umagwera iye, ndipo tsiku limene mwayambana palibe chimene mungaonetse kuti ndi zanu.

Choncho kwa ojambula ambiri a kuno kwathu, ndalama zenizeni zimachokera kwa anthu amene amawaona ndi maso: masitolo ofuna kutchulidwa, makampani ndi mabungwe ofuna kanema wa ntchito zawo, ndi owonera amene amalipira maphunziro kapena kugula katundu. Ndalama zoterezi zimabwera modukizadukiza, zina pamanja, zina pafoni, zina mwa lonjezo chabe. N'chifukwa chake buku limafunika msanga.

Mwezi umodzi m'buku

Tiyerekeze mayi amene ali ndi tchanelo yophunzitsa kaweta nkhuku, ndipo amatulutsa makanema 8 pamwezi. Manambala amene ndiike pano ndi ongoyerekezera, cholinga n'chakuti tione kawerengedwe kake. Aliyense aikepo mitengo ya kwawo ndi ya nthawi yake.

M'mwezi umenewu sitolo yogulitsa zakudya za nkhuku yamulipira K200,000 kuti aitchule m'makanema anayi, kutanthauza K50,000 pa kanema mmodzi. Wachititsanso maphunziro a tsiku limodzi a alimi amene anayenera kubweretsa K250,000, koma ena anapempha kudzamaliza pakutha pa mwezi, motero walandira K150,000 yokha. Kampani ina yogulitsa anapiye yamutuma kujambula kanema wa K300,000, ntchito watha, koma ndalama sizinafike. Mukamufunsa mayiyu kuti mwezi uno wayenda bwanji, akuuzani mosangalala kuti wapanga K750,000. Zoona zake n'zakuti m'manja mwake mwalowa K350,000, ndipo K400,000 ili m'matumba a anthu ena.

Apa ndi pamene buku limayambira ntchito. Likhoza kukhala kope la sukulu kapena tsamba la Google Sheets pafoni, zilibe kanthu. Chofunika n'chakuti mzere uliwonse ukhale ndi tsiku, dzina la wopereka kapena wolandira, chifukwa chake, kuchuluka kwa ndalama, njira imene zadutsa, ndi umboni wake, kaya nambala ya lisiti kapena nambala ya uthenga wa pafoni. Ndalama zolonjezedwa zisalembedwe pamodzi ndi zolandiridwa. Zikhale ndi tsamba lakelake la angongole, lokhala ndi tsiku limene munagwirizana kuti adzalipira. Tsamba limeneli ndi limene limakuuzani Lolemba m'mawa kuti lero muimbire ndani.

Tsopano tione zotuluka. Mabandulo okwezera makanema amudyera K60,000, maulendo opita kwa alimi K80,000, mnyamata womugwirira foni pojambula K40,000, magetsi ndi zina zing'onozing'ono K10,000. Zonse pamodzi ndi K190,000. Anthu ambiri amalekera pomwepa n'kunena kuti phindu ndi K160,000. Koma pali zinthu ziwiri zimene sizioneka pa lisiti iliyonse ya mweziwo.

Choyamba ndi kutha kwa zipangizo. Ngati foni yojambulira, maikolofoni ndi choimikapo foni zinagulidwa pa K960,000, ndipo mukuyembekeza kuti zigwira ntchito miyezi 24, ndiye kuti mwezi uliwonse zikutha ndi K40,000. Ndalama imeneyi iyenera kupatulidwa ndithu, apo ayi tsiku limene foni idzafe, tchanelo idzaima ndipo mudzapita kwa akatapila. Chachiwiri ndi malipiro a mwini wake. Mayiyu amagwira ntchito pafupifupi tsiku lililonse, ndipo akadziikira K120,000 pamwezi, zotuluka zonse zikufika K350,000, ndendende ndi zimene zalowa. Phindu palibe, ndipo kanema aliyense mwa 8 aja wamudyera K43,750.

Nambala imeneyi, mtengo wa kanema mmodzi, ndiyo chinthu chachikulu chimene buku limapereka. Munthu amene akuidziwa salankhulanso mwamanyazi pamene wa sitolo akunenerera. Amadziwa kuti K50,000 ija ikungobweza zimene kanema mmodzi wadya, ndipo makanema anayi opanda malonda akudalira ndalama za maphunziro.

Kuti buku likhale loona, ndalama za tchanelo zikhale ndi khomo lawolawo: nambala ya foni yosiyana ndi ya pakhomo, kapena akaunti ya kubanki yapadera. Malipiro anu muzidzitumizira kamodzi pamwezi, pa tsiku lodziwika, ngati mmene mungalipirire wantchito. Ndikudziwa kuti m'mabanja mwathu zimenezi n'zovuta, chifukwa matenda ndi maliro sizidikira kutha kwa mwezi, ndipo palibe amene anganene kwa mayi ake kuti ndalama ilipo koma ndi ya bizinesi. Mukatapa, tapani, koma lembani kuti mwini watenga zakuti pa tsiku lakuti. Chimapha bizinesi si kutapako ayi, koma kutapa kosalembedwa. Kumapeto kwa sabata yerekezani zimene buku likunena ndi zimene zili pafoni ndi kubanki. Zikasiyana, ndiye kuti pali china chimene sichinalembedwe, ndipo n'kosavuta kuchikumbukira pakapita masiku asanu kusiyana ndi miyezi isanu. Malisiti a m'masitolo ambiri amafufutika pakapita nthawi, choncho ajambuleni ndi foni tsiku lomwelo.

Nthawi yolemba mkonzi

Ntchito imene imadya nthawi yambiri pa tchanelo si kujambula, koma kukonza: kudula pamene munakakamira mawu, kulumikiza zidutswa, kukweza mawu pamene mphepo inasokoneza, kuika mawu olembedwa ndi chithunzi chokopa cha pamwamba. Ngati mayi wathu amatha maola 6 pa kanema mmodzi, pamwezi ndi maola 48, sabata yathunthu ya ntchito. Kutopa kumamuuza kuti apeze mkonzi lero lomwe. Koma kutopa si kumene kudzalipire mkonziyo, ndiye tibwerere ku buku.

Tinene kuti mkonzi akufuna K20,000 pa kanema. Pamwezi ndi K160,000, ndipo mtengo wa kanema mmodzi ukukwera kufika K63,750. Taonani chimene chachitika: K50,000 ya sitolo ija tsopano siikukwananso ngakhale kubweza zimene kanema wake wadya. Funso loyenera n'lakuti, kodi maola 48 amene aomboledwawo abweretsa ndalama zoposa K160,000? Ngati mayiyu awagwiritsa ntchito kupeza sitolo yachiwiri ya makanema anayi otsala aja, kapena kuchititsa maphunziro achiwiri, yankho ndi inde. Ngati palibe kasitomala amene akuoneka, mkonziyo adzadya malipiro a mwini. Malangizo anga ndi akuti musalembe munthu musanasunge malipiro ake a miyezi itatu, amene pano ndi K480,000, chifukwa makampani amachedwa kulipira koma mkonzi ali ndi lendi yake yosadikira. Zikavuta, yambani ndi makanema anayi okha amene ali ndi malonda.

Posankha munthu, musadalire zimene wakuonetsani pafoni yake. Mpatseni zojambula zanu zosakonza za kanema mmodzi, mumulipire, muone zotsatira zake. Pamenepo mudzadziwa ngati amasunga nthawi, ngati amamva Chichewa cha alimi mokwanira kuti asadule chiganizo pakati, ndiponso mmene amalandirira mukamubwezera ntchito. Mkonzi wabwino amafunsa mafunso asanayambe. Amene amangoti "musadandaule, ndikudziwa" n'kudzaza kanema wa matenda a chitopa ndi timawu tothwanima ndi nyimbo zaphokoso, sanamvetse kuti owonera anu akufuna kumva mlingo wa katemera.

Mukagwirizana, lembani pepala, ngakhale mkonziyo ndi mphwanu kapena mwana wa achemwali anu. Tsamba limodzi ndi lokwanira. Linene mtengo wa kanema mmodzi ndi kutalika kwake, masiku amene ntchito itenge, kangati mungabweze kuti akonzenso popanda kuwonjezera ndalama, tsiku lolipira, ndi amene agule bandulo yotumizirana mafayilo. Mfundo ya bandulo imaoneka yaing'ono, koma zojambula zosakonza ndi zolemera kwambiri, ndipo anthu ambiri amakanganira pomwepa. Ngati mukukhala moyandikana, kupatsana pa fulashi kapena pa memoli khadi n'kotchipa. Pepalalo linenenso momveka kuti kanema womalizidwa, zojambula zosakonza ndi mafayilo a ntchito yokonzayo ndi zanu, ndipo mkonzi akachoka azisiya.

Pali zoopsa ziwiri zimene zimabwera ndi mkonzi, ndipo zonse zikhoza kupha tchanelo imene mwaimanga kwa zaka. Choyamba ndi pasiwedi. Musaipereke kwa wina aliyense, chifukwa amene ali ndi pasiwedi ya akaunti yanu ya Google akhoza kuisintha n'kukutsekerani kunja. YouTube ili ndi njira yabwino: mu YouTube Studio pitani pa Settings, kenako Permissions, dinani Invite, lembani imelo ya mkonziyo ndi kumupatsa udindo wa Editor (limited). Akhoza kukweza ndi kukonza makanema, koma saona za ndalama, ndipo sangafufute tchanelo. Tsiku limene mwasiyana, mumangomuchotsa pa mndandanda womwewo. Pa akaunti yanu yatsani 2-Step Verification, kuti pasiwedi yokha isakwanire kulowa.

Chachiwiri ndi nyimbo. Mkonzi akaika nyimbo ya woimba wotchuka kuti kanema akome, makina a YouTube otchedwa Content ID akhoza kuizindikira, ndipo mwini nyimboyo akhoza kutenga ndalama za kanemayo kapena kumutsekereza. Choipa kwambiri ndi pamene mwini nyimbo wapempha kuti kanemayo achotsedwe, chifukwa tchanelo imalandira chenjezo, ndipo machenjezo atatu akakumana, tchanelo ikhoza kutsekedwa. Mlanduwo umagwera mwini tchanelo, osati mkonzi. Gwirizanani kuti nyimbo zizichokera mu Audio Library ya YouTube, kapena kwa woimba amene wapereka chilolezo cholembedwa. Kuno ku Malawi nkhani za umwini wa nyimbo zimayendetsedwa ndi lamulo la 2016, ndipo bungwe loona za zimenezi ndi COSOMA. Muuzeninso mkonzi kuti kanema aliyense amene sitolo yalipira ayenera kuchongedwa pa bokosi la Paid promotion pokweza, kuti owonera adziwe kuti muli malonda.

Mkonzi wolipidwa pa kanema, wogwiritsa kompyuta yake ndiponso wokhala ndi makasitomala ena, ndi munthu wodziimira payekha. Koma mukayamba kumuuza kuti azifika 8 koloko tsiku lililonse, azigwiritsa zipangizo zanu ndi kulandira pamwezi, wasanduka wantchito wanu, ngakhale mutamutchula dzina lina. Pamenepo lamulo la zantchito la 2000 limakukhudzani pa nkhani ya malipiro ochepetsetsa, tchuthi ndi kachotsedwe ka munthu pantchito. Pamabweranso msonkho wodula pa malipiro ndi nkhani ya penshoni. Si zoipa, koma ndi mtolo umene tchanelo ya makanema 8 pamwezi nthawi zambiri siinafikepo.

Pamene kasitomala afuna mapepala

Tibwerere ku K300,000 ya kampani ya anapiye ija. Mayi wathu akaimba kufunsa, wa ku ofesi ya zachuma amayankha kuti, "Mayi, titumizireni invoisi yokhala ndi TPIN yanu ndi akaunti ya kubanki, sitilipira pa nambala ya foni ya munthu." Apa ndiye kuti nthawi ya kalembera yakwana. Kampani siikuchita nkhanza, nayonso iyenera kuonetsa ku bungwe lotolera msonkho la MRA kumene ndalama zake zapita.

Ku Malawi njira zodziwika kwa munthu mmodzi ndi ziwiri. Yoyamba ndi kulembetsa dzina la bizinesi ngati mwini yekha, motsatira lamulo la kalembera wa mabizinesi la 2012. Yachiwiri ndi kutsegula kampani motsatira lamulo la makampani la 2013. Zonse zimachitikira ku ofesi ya boma ya kalembera wa mabizinesi, imene anthu amaidziwa kuti kwa Registrar General, ndipo masiku ano zimatheka pa intaneti. Mumayamba ndi kufufuza ngati dzina limene mukufuna silinatengedwe kale, mumapereka chiphaso cha unzika, malo a bizinesi ndi mtundu wa ntchito, mumalipira ndalama yoikika, ndipo mumalandira satifiketi.

Kusiyana kwake n'kwakuti mu njira yoyamba, inu ndi bizinesi ndinu munthu mmodzi pamaso pa lamulo: ngongole ya bizinesi ndi yanu, ndipo phindu lake limakhomeredwa msonkho ngati ndalama zanu. Kampani ndi yoima payokha, katundu wanu wa pakhomo amakhala wotetezeka ku ngongole zake, koma imafuna mapepala a chaka ndi chaka ndi mabuku osungidwa mwadongosolo, ndipo kawirikawiri mumafunika katswiri wa zowerengera ndalama amene muyenera kumulipira. Kwa mayi wathu, amene alibe ngongole yaikulu ndiponso alibe mnzake wogawana naye umwini, dzina la bizinesi ndi lokwanira. Kampani idzafunika akadzapeza woika ndalama, kapena ngati tchaneloyo anaiyamba ndi mnzake. Pamenepo kulemba kuti aliyense ali ndi gawo lanji ndi chinthu chofunika kuchita ndalama zisanachuluke. Dziwaninso kuti satifiketi ya dzina la bizinesi siikupatsani umwini wa dzinalo pa YouTube, ndipo si chimodzimodzi ndi kuteteza chizindikiro cha malonda, komwe kuli ndi kalembera wakewake.

Mukakhala ndi satifiketi, pitani ku MRA mukatenge TPIN, nambala yanu ya msonkho, kenako kubanki mukatsegule akaunti m'dzina la bizinesi. Ngati muli ndi ofesi kapena situdiyo yolandirira anthu, funsaninso ku khonsolo ya kwanuko za laisensi. Invoisi yanu ikhale ndi dzina la bizinesi, TPIN, nambala yotsatana ndi ya invoisi yapita, tsiku, ntchito imene mwagwira, mtengo, akaunti ndi tsiku lomaliza kulipira. Kwa kasitomala watsopano, pemphani theka la ndalama musanajambule.

Chimene chimadabwitsa ambiri ndi ndalama yoyamba imene imalowa kubanki, chifukwa imabwera yoperewera. Makampani ndi mabungwe amalamulidwa kudula msonkho asanalipire wowagwirira ntchito, n'kuutumiza ku MRA. Mlingo wake umatengera mtundu wa ntchito ndipo umasinthasintha ndi bajeti ya boma, koma tiyerekeze kuti ndi 20 pa 100: pa K300,000 ija mayi wathu alandira K240,000, ndipo K60,000 yapita ku MRA m'dzina lake. Ndalama imeneyi siinatayike. Ndi msonkho umene walipiriratu, ndipo idzachotsedwa pa msonkho wake wa pachaka, koma pokhapokha ngati ali ndi satifiketi yoonetsa kuti inadulidwa pa TPIN yake. Ifunseni nthawi iliyonse, ndipo m'buku mulembe K300,000 ngati mtengo wa ntchito, K240,000 ngati yolandiridwa, ndi K60,000 pa tsamba la msonkho wodulidwa.

Apa buku lija limabweza thukuta lanu lonse. Kawirikawiri msonkho wa bizinesi umawerengedwa pa phindu, kutanthauza zolowa kuchotsapo zimene mwawononga pogwira ntchitoyo, monga mabandulo, maulendo ndi malipiro a mkonzi. Wopanda malisiti sangathe kutsimikizira zotulukazo, ndipo akhoza kulipira msonkho woposa umene anayenera. N'chifukwa chake nayenso mkonzi azikupatsani invoisi kapena kusainira ndalama iliyonse imene walandira. Kumbukirani kuti K120,000 imene mwini yekha amadzitumizira ndi yothandiza powerengera mtengo wa kanema, koma kwa MRA ndi gawo la phindu, si ndalama yochotsera.

TPIN imabwera ndi udindo wopereka malipoti a msonkho pa nthawi yake, ngakhale chaka chimene bizinesi sinayende bwino, ndipo kuchedwa kumabweretsa chindapusa. Choncho tsiku limene mukukatenga nambalayo, musatuluke mu ofesi ya MRA musanafunse zinthu zitatu: mtundu wa msonkho umene mwalembetsedwa, masiku operekera malipoti, ndi zaka zimene muyenera kusunga malisiti anu. Mayankhowo muwalembe pa tsamba loyamba la buku lanu.